Chenje cha Amayi a Tsache

Pamene ndinkayamba ntchito ya ukalaliki ku kopaletivi ya alimi a mtedza ndi soya kufupi ndi Kapondo, ndalama za zinthu zing'onozing'ono zinkakhala m'thumba la jekete ya apampando. Luzi wosokera matumba akatha, munthu ankakwera njinga kukawafunafuna kudimba. Akawapeza, iwo ankapisa m'thumba, kutulutsa zomwe dzanja lagwira, basi nkhani yatha. Palibe ankaba, ndinene zoona, koma palibenso ankadziwa kuti zapita zingati. Kampani yomwe inkafuna kutigula mbewu zathu inanenetsa kuti sichita malonda ndi gulu lomwe ofesi yake ndi jekete.

Ine ndinali nditangochokera ku boma ndi kasatifiketi kanga ka zowerengera ndalama, ndipo pakamwa panga panali posachedwa kuyankha. Apampando anandilandira akuseka. Anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, tsono ndimete bwino osatema khutu la munthu.

Ndinagula bokosi lachitsulo la loko, buku la mavocha ndi kabokosi ka inki yodindira chala. Komiti inagwirizana kuti m'bokosimo muzikhala K100,000. Ndinawafotokozera kuti ndalama iliyonse yotuluka izisiya pepala m'malo mwake, moti tsiku lililonse munthu akatsegula bokosi n'kuphatikiza ndalama zotsala ndi zolembedwa pa mavocha, zizikwana K100,000 yomweyo. Wotumidwa kukagula kanthu ndizilemba zomwe ndamupatsa, pobwera azibweretsa lisiti ndi chenje, ndipo ndizilemba pa vocha yomweyo zomwe wabweza. Kwa osapereka lisiti, monga akabaza ndi amayi ogulitsa mandazi a pamsonkhano, wolandira ndalamayo azisayina kapena kudinda chala. Chinthu chopitirira K20,000 sichituluka m'bokosi, chimenecho n'cha komiti ndi cheke. Mwezi ukatha tiziwerenga pamodzi, apampando azisayina, kenako akatape kubanki ndalama zofanana ndendende ndi zomwe tawononga kuti bokosi lidzalenso.

Malire a K20,000 aja anavuta sabata yoyamba yomwe. Bambo wina wa mu komiti anafuna lona woyanikirapo mtedza wa K35,000 ndipo anandiuza kuti ndilembe mavocha awiri. Ndinawafunsa ngati lonayo abwere naye ali zidutswa ziwiri. Anthu anaseka, iwo sanaseke, koma lonayo anadikira komiti.

Kawiri pa sabata ndinkapita ku boma, kubanki ndi kwa ogula mbewu, ndipo masiku amenewo bokosi ndi kiyi ndinkazisiya kwa asungichuma. Anali bambo achikulire, ofatsa, mkulu wa mpingo, olemba manambala ooneka bwino kuposa anga. Lamulo lomwe ndinaphunzira limati bokosi likamasintha manja, opatsanawo aziwerenga onse awiri. Koma kwathu kuno munthu wa msinkhu wa bambo ako akakupatsa ndalama ndi manja awiri, suyamba kunyambita chala n'kumawerenga iwo akuona. Ndinkalandira bokosi, kuthokoza, kuika m'kabati.

Tsiku lina nditabwera kuchokera ku boma ndinapeza khala m'bokosi, pansi pa ma K1,000. Linali kakhala kakang'ono ngati chala chachikulu, kokulungidwa m'pepala. Ndinadziwa tanthauzo lake, chifukwa mayi anga ankagulitsa tomato ndipo m'kachikwama kawo simunkasowa khala. Anthu amati limateteza ku chitaka, matsenga aja omwe munthu amakupatsa ndalama yake yokhwimira, ndipo ikalowa pakati pa zako imaziitana zonse kupita kwa mwini wake. Ndinalitaya pawindo. Ulendo wotsatira ndinapezamo lina, ndinatayanso.

Munthu amene tinkamutuma kwambiri anali amayi ena omwe ankasesa mu shedi ndi kusankha mtedza. Aliyense ankangowatchula kuti amayi a tsache. Kwawo kunali kutsidya kwa bodala, ndipo anabwera kuno chitengwa, kutsatira amuna awo kumudzi kwa amunawo. Amuna awo atamwalira, abale a malemuwo anawalola kukhalabe m'kanyumba kawo ndi kulima kamunda kamodzi, koma aliyense ankadziwa kuti akukhala pa chifundo cha eni dothi. Ana awo awiri anali atamwalira ali aang'ono, ndipo pamudzi zinthu ngati zimenezo anthu saziiwala, amangozisunga. Malipiro a tsachelo ndiwo ankawagulira mchere ndi sopo.

Ndinkawakonda chifukwa ndi okhawo amene anamvetsa za malisiti popanda kukangana nane. Sankadziwa kuwerenga, koma sankachoka pa golosale asanalandire pepala. Mwenye wina wa sitolo ya zitsulo anandidandaulira kuti amayiwo anakhala pakhonde pake mpaka anawalembera lisiti ya misomali ya K800. Pobwera ankamasula mfundo ya pansonga ya chitenje, kutulutsa lisiti yopindidwa bwino ndi chenje mkati mwake, n'kunena kuti, "Wonani, mwana wanga, ngati zili zonse."

Mwezi woyamba utatha tinakhala patebulo ine, apampando ndi asungichuma. Mavocha anakwana K81,300, kutanthauza kuti m'bokosi munayenera kutsala K18,700. Tinapeza K15,500. Ndinawerenganso, ndinaphatikizanso, ndinagwedeza buku kuti mwina kapepala kagwa. K3,200 kunalibe. Apampando anati poyamba pamavuta, ndipo tinalemba pepala losonyeza kuti ndalamayo yasowa, n'kuliika m'bokosi kuti lidikire. Kubanki anatapa K81,300 yokha ya zomwe zinali ndi mavocha.

Mwezi wachiwiri kunasowanso K4,700, ndipo tinalembanso pepala lina. Apa ndinayamba kuda nkhawa, chifukwa wosunga bokosi ndinali ine, ndipo ndinkamva kale anthu akunong'ona kuti mtsikana wa ku boma wagula nsapato zatsopano. Ndinatenga mavocha a miyezi iwiri yonse n'kuwayala patebulo mmodzimmodzi. Sindinachedwe kuona chinthu chachilendo. Panali mavocha angapo olembedwa ndi dzanja lokongola la asungichuma, onse a masiku omwe ine ndinali ku boma, onse a amayi a tsache. Ndalama zoperekedwa zinalembedwa bwino, malisiti analipo, chenje chinalembedwa kuti chabwezedwa. Nditaphatikiza chenje cha mavocha amenewo chokha, chinakwana K7,900, ndendende zomwe zinasowa m'miyezi iwiriyo.

Ndinapita nazo ku komiti ndili wonyada ngati mlenje. M'mutu mwanga ndinkati ndapeza pomwe pakudontha, tsopano tifunsane bwinobwino kuti chenjecho chimapita kuti chikalembedwa. Ndinawerenga mavochawo mokweza. Nditamaliza ndinakweza mutu. Kunali masana dzuwa lili paliwombo, malata akuthetheka, koma ndinamva kuzizira. Palibe anayang'ana asungichuma. Onse anayang'ana kukhomo, komwe amayi a tsache anali atakhala pamphasa kunja akusankha mtedza m'lichero.

Mayi wina wa mu komiti ndiye anayankhula, motsitsa mawu.

"Ndiye kuti zomwe amabweza zija sizikhalitsa m'bokosi."

"Zimabwerera kwa mwini wake," anatero bambo wa lona uja. "Lero zikubwerera zokha, mawa zidzatenga ndi zinzake. Chitaka chimayamba chonchi."

Ndinakwiya. Ndinati amayi omwewo amabweretsa chenje masiku omwe ine ndilipo, ndipo palibe tambala yomwe inasowapo. Anandiyankha kuti zinthu zimenezi zili ndi maso, zimadziwa poyenda. Wina anati mwina ineyo ndili ndi zanga zonditeteza. Ndinatembenukira kwa asungichuma kuti anenepo kanthu, popeza chenjecho ankalandira ndi iwo. Anangoyang'ana zala zawo n'kunena kuti zinthu zina sizitchulidwa dzuwa likuswa mtengo.

Apampando, omwe sankafuna phokoso, anagamula kuti tidikire kutha kwa mwezi wachitatu. Bokosi likapereweranso pa dzanja la amayiwo, ntchito yawo yatha. Mlamu wa amayiwo, yemwe analinso membala, anawonjezera ali chiimire kuti zikatero kubanja kwawo sangasunge munthu wochititsa manyazi mtundu, abwerere komwe anachokera.

Nkhani pamudzi siyenda ndi miyendo. M'mawa mwake ndinaona kusintha. Amayi anzawo osankha mtedza anasuntha mphasa yawo pang'ono, osati kutali, kungosiya kampata kokwana munthu kudutsa. Wofuna kuwapatsa lichero ankaliika pansi kuti atole okha. Wakabaza wina yemwe ankawanyamula kawirikawiri anayamba kudutsa atayang'ana kumbali. Palibe anawatukwana, palibe anawaloza chala. Iwo ankabwerabe mamawa, kusesa shedi yonse, ndipo tsache lawo ndi lokhalo linkamveka.

Ndisaname, mantha anandigwira nanenso. Ine amene ndinkaseka za khala ndinayamba kutsegula bokosi mokayikakayika. Tsiku lina amayiwo atandipatsa chenje cha K600, ndinapeza ndikuyang'anitsitsa mapepalawo, akale, ofewa, onunkha utsi wa m'nyumba mwawo. Ndinawaika m'bokosi, kutseka, kenako ndinatsegulanso kuti ndione ngati akadalimo. Analimo. Masana ndinatsegulanso. Nditapeza khala lachitatu sindinalitaye, ndipo ndinadzida chifukwa cha zimenezo.

Chomwe chinandibwezera nzeru ndi ntchito yomwe. Ndinadzifunsa kuti ndikudziwa chiyani kwenikweni. Ndinkadziwa kuti ndalama zikusowa mwezi ukatha, koma sindinkadziwa tsiku lomwe zimasowa, chifukwa sindinkawerenga popatsana bokosi. Lachisanu lotsatira ndinalimba mtima. Ndisanakwere minibasi ndinaika bokosi patebulo pamaso pa asungichuma n'kuyamba kuwerenga mokweza.

"Mwayamba kundikayikira, amayi?" anafunsa.

"Ayi, bambo. Ndikudzikayikira ndekha. Tiwerenge tonse, musayine apa, madzulo tidzawerenganso."

Anasayina pang'onopang'ono, nkhope itagwa. Ndinachita manyazi mpaka kumapazi, koma ndinapita.

Ndinabwerako dzuwa likadalipo. Tsikulo panali vocha imodzi yokha. Amayi a tsache anatumidwa kukagula luzi ndi singano, anapatsidwa K10,000, lisiti inali ya K8,500, ndipo chenje cha K1,500 chinalembedwa kuti chabwezedwa. Tinawerenga bokosi. K1,500 munalibe.

"Bambo," ndinatero, "ndalama iyi mwalemba ndi dzanja lanu kuti yabwera. Kuyambira m'mawa bokosi lili ndi inu. Ili kuti?"

Anaimirira, kutenga chipewa chawo, n'kunena kuti ndiwatsatire.

Kuseri kwa shedi kunali chigafa chakale cha fodya chomwe denga lake linagwa mbali imodzi. Palibe ankapitako. Tinalowa mowerama, udzu wouma ukutikanda m'miyendo. Pakona panali mphika wosweka wovundikiridwa ndi phale, ndipo mozungulira mphikawo munthu anali atathira phulusa mosamala, mzere wosaduka. Asungichuma anaima patali. Anatola kamtengo n'kukankha phalelo.

M'katimo munali ndalama. Chenje chilichonse chinali chokulungidwa m'tsamba louma la chimanga pachokha, khala pamwamba pake. Zina zinali zitayamba nkhungu.

"Sindinadyepo ngakhale tambala," anatero. "Sindinazikhudzenso ndi dzanja. Akabweretsa ndimati aike patebulo, ine ndimatola ndi tsamba."

"Nanga bwanji simunanene ku komiti? Munthu akuthamangitsidwa pamudzi inu mukudziwa komwe kuli ndalama!"

Anandiyang'ana modabwa, ngati ine ndi amene sindikumva.

"Izi si ndalama za gulu, amayi. Za gulu anatenga iwo kugolosale komweko. Izi ndi nyambo zomwe amabweza m'malo mwake. Ndikanaziika m'bokosi, bwenzi lero mukulira K100,000 yonse. Zomwe zasowa zasowadi, ine ndangopulumutsa zotsala."

Chomwe chinandiopsa kwambiri n'chakuti sankanama. Nkhope yawo inali ya munthu amene wagwira ntchito yovuta mwakachetechete ndipo sakuyembekezera kuthokozedwa. Ndinawafunsa kuti anaonapo chiyani pa amayiwo. Anati sanaonepo kanthu, koma akazi awo anamva kwa apongozi a amayiwo kalekale, ndipo munthu wanzeru sadikira kuti aone.

Ndinadumpha mzere wa phulusa uja n'kupisa dzanja mumphika. Asungichuma anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda nsanamira. Ndinkayembekezera kuti china chake chindiluma, koma munali mapepala ozizira basi. Ndinamasula masamba onse pomwepo n'kuwerenga. Zinakwana K9,400, kuphatikiza za tsikulo.

Ndinazibweza m'bokosi, kulemba pomwe zapezeka, ndi kuchotsa mapepala awiri aja a ndalama zosowa. Mwezi utatha tinawerenga komiti yonse ilipo. Ndalama ndi mavocha zinakwana K100,000 osatsala kanthu. Apampando anasayina, anadzudzula asungichuma mofatsa, ndipo analamula kuti kuyambira tsopano bokosi liziwerengedwa nthawi zonse likamasintha manja. Ananenanso kuti amayi a tsache alibe mlandu ndipo ntchito yawo ipitirire. Ine ndinapuma, ndikuganiza kuti zatha.

Sizinathe. Anthu atamva kuti mkulu wa mpingo, munthu wosamwa, wosanama, ankaopa kugwira ndalama ya amayiwo ndi dzanja kwa miyezi itatu, sanaone kuti iye walakwa. Anaona kuti ngati munthu ngati ameneyo ankaopa, ndiye kuti chilipo. Mphasa ija inasunthidwanso. Wogulitsa mandazi anakana ndalama ya m'bokosi lathu, anati adikira ya kubanki. Amayi ena omwe ankandipatsa moni wa padzanja anayamba kungowomba m'manja ali patali, ndipo ndinazindikira kuti akuyang'ana dzanja langa lamanja, lomwe linalowa mumphika.

Ndinapita kwa mlamu uja wa amayi a tsache ndi pepala losayinidwa ndi apampando. Analiwerenga mwaulemu n'kundibwezera. Anati palibe amene akuthamangitsa munthu, kungoti kamunda kaja akufuna kupatsa mphwake chaka chino, ndipo amayiwo aganiza okha zokaona abale awo kutsidya.

Amayi a tsache anabwera ku ofesi m'mawa wina atavala chitenje chawo chabwino. Katundu wawo, mtolo umodzi ndi ndowa, anali atamangidwa kale pa njinga ya wakabaza wachilendo yemwe anamupeza kumsewu. Anali kudzalandira malipiro awo omaliza, K12,000 ya masiku omwe anasesa mweziwo. Kunja kwa shedi anthu ankasankha mtedza, mitu pansi, koma manja anali ataima.

Ndinalemba vocha. Ndinawauza kuti bokosi linakwana, kuti dzina lawo layera, kuti pepala lilipo ndipo apampando anasayina. Ndinkalankhula mofulumira chifukwa misozi inali pafupi.

"Ndinamva, mwana wanga," anatero. "Munagwira ntchito."

Anadinda chala pa vocha mosamala monga ankachitira nthawi zonse, n'kupukuta inki kunsi kwa chitenje. Ndinawerenga ndalamazo, kuimirira, ndi kuwatambasulira ndi manja awiri pakhomo penipeni, dala, kuti onse akunja aone manja athu akukhudzana.

Iwo sanatambasule awo. Anayang'ana anthu aja, kenako anandiyang'ana ine.

"Ikani patebulo, nditola ndekha," ananong'ona. "Akukuonani. Ine ndikupita, koma inu mukhala nawo."

Ndinaima pomwepo manja ali m'mwamba, iwo akudikira moleza mtima. Wakabaza analiza belu kunja. Ndinaika ndalamazo patebulo.